Thandizeni abale, egetivu ija yandizunguza mutu

Chikondi_M: Moni nonse pagulu pano. Lachisanu ndili ndi mayeso ndipo pali mutu umodzi womwe sukulowa. Akuti ziyankhulo zina ndi za akyuzetivu, zina za egetivu. Ine chomwe ndimadziwa kuyambira ku pulayimale ndi mwininkhani, mneni, pamtherankhani, basi. "Galu waluma mwana." Galu mwininkhani, mwana pamtherankhani. Ndiye akuti m'ziyankhulo za egetivu mwininkhani nthawi zina amaoneka ngati pamtherankhani. Zitheka bwanji? Anthu ake amamvana bwanji kuti walumidwa ndani? Wina andifotokozere ngati akufotokozera mwana.

Tadala wa ku Ndirande: Zosavuta izo achemwali. Ndi ziyankhulo zomwe zimayamba ndi pamtherankhani. M'malo moti galu waluma mwana iwo amati mwana waluma galu koma tanthauzo n'kukhala lomwelo. Kungotembenuza basi.

Nangondo: Ayi achimwene, pamenepo mwamusocheretsa mwana wa eni. Dongosolo la mawu m'chiganizo ndi nkhani ina, iyi ndi ina. Chijapanizi chimaika mneni kumapeto koma ndi cha akyuzetivu ngati Chichewa chathu. Chibasiki, cha kumpoto kwa Spain, nachonso chimakonda kuika mneni kumapeto koma ndi cha egetivu. Ndipo ife tomwe timatha kunena kuti "mwana wamuluma galu" kapena "wamuluma mwana galu" Chichewa osasanduka china chilichonse.

Chikondi, vuto lako lili pa kuwerenga. Unaphunzitsidwa kuti m'chiganizo muli maudindo awiri, mwininkhani ndi pamtherankhani. Tiwerengenso, upeza kuti alipo atatu. Taona ziganizo ziwiri izi:

Mwana wagwa.
Galu waluma mwana.

M'chiganizo chachiwiri muli awiri, woluma ndi wolumidwa. Tiwatche wochita ndi wochitidwa. M'choyamba muli mmodzi yekha, chifukwa kugwa ndi mneni wosayambukira. Ameneyo timutche wayekha. Ndiye atatu: wayekha, wochita, wochitidwa. M'manotsi ako mwina awalemba ndi zilembo S, A ndi O, ena amalemba P m'malo mwa O.

Tsopano chiyankhulo chilichonse chiyenera kusiyanitsa wochita ndi wochitidwa, apo ayi sitidziwa kuti wapita kuchipatala ndani. Koma wayekha alibe womusokoneza naye. Ali yekha m'chiganizo chake, ndiye ukhoza kumuveka malaya a wochita kapena a wochitidwa, palibe chingawonongeke. Chichewa ndi Chingerezi zinasankha kumuveka malaya a wochita, ndipo awiriwo pamodzi ndi amene timawatcha mwininkhani. Imeneyo ndiyo akyuzetivu. Ziyankhulo zina zinamuveka malaya a wochitidwa, wochita n'kutsala yekha ndi chizindikiro chakechake. Imeneyo ndiyo egetivu.

Chikondi_M: Malaya ake ati mayi? Mwana ndi mwana basi, pa dzinalo sindikuonapo chasintha m'ziganizo ziwirizo.

Nangondo: Funso labwino. Ife malayawo sitimaveka dzina, timaveka mneni. Tenga munthu mmodzi, iweyo, umuike pa maudindo onse atatu.

Unagwa.
Unamenya galu.
Galu anakuluma.

Pamene uli wekha ndiwe u- kumayambiriro kwa mneni. Pamene ukumenya ndiwenso u- pamalo omwewo. Pamene ukulumidwa wasanduka -ku- ndipo wasamukira m'kati, pafupi ndi tsinde la mneni. Awiri afanana, mmodzi wapatuka, ndipo wopatukayo ndi wochitidwa.

Tsono yerekeza Chichewa chamaloto chomwe wayekha amatsata wochitidwa. "Unamenya galu" chikhala momwemo, "galu anakuluma" momwemonso, koma m'malo mwa "unagwa" tizinena kuti "nakugwa", m'malo mwa "unabwera" tizinena "nakubwera". Ku- wa wolumidwa uja ndi yemweyo wa wogwa ndi wobwera. U- watsala wa munthu yekhayo amene akuchita kanthu pa wina. Palibe amene angasokonezeke kuti waluma ndani, chifukwa chiganizo cha anthu awiri chija sichinasinthe m'pang'ono pomwe.

Tadala wa ku Ndirande: Nakubwera nakugwa kkkk, ameneyo timamudziwa, amayankhula choncho akachoka kokoka kachasu.

Chikondi_M: Dikirani kaye. Ndayesa ndi ine m'malo mwa iwe. Ndinagwa, ndinamenya galu, galu anandiluma. Ponseponse ndi ndi. Ndiye pa ine Chichewa sichisankha mbali?

Nangondo: Chimasankha, koma uyang'ane malo osati kamvekedwe kokha. Mu ndinagwa ndi ndinamenya, ndi- ali kutsogolo kwa -na-. Mu anandiluma wadumpha -na- n'kukakhala pambuyo pake. Mpando wa wayekha ndi wa wochita ndi umodzi. N'chifukwa chake ndinakusankhira iwe, pomwe kusiyanako kumamveka ndi m'khutu momwe.

Yamikani Bilbao: Ine ndilowererepo chifukwa nkhani imeneyi inandidyetsa manyazi. Ndimakhala kuno ku Bilbao, kumpoto kwa Spain. Chisipanishi ndinachigwira msanga, koma ana anga kusukulu amaphunzira m'Chibasiki, eni ake amati Euskara, ndiye ndinayamba makalasi amadzulo kuti ndiziwathandiza homuweki. Chimayankhulidwanso tsidya linalo la malire ku France. Mawu oti egetivu aphunzitsi athu sankawatchulatchula. Amangoti nor ndi nork. Onse awiri amatanthauza ndani, koma nork ndi ndani amene wachita kanthu pa chinthu china.

Gizona ndi bambo, mutila ndi mnyamata.

Gizona etorri da. Bambo wabwera.
Mutila etorri da. Mnyamata wabwera.
Gizonak mutila ikusi du. Bambo waona mnyamata.
Mutilak gizona ikusi du. Mnyamata waona bambo.

Onani k ameneyo. Wobwera alibe k. Woonedwa alibenso k. Woona yekha ndiye ali ndi k. Ine kwa miyezi ndinkangoti "ni ogia erosi dut", kufuna kunena kuti ndagula buledi, mwana wanga wa zaka 7 n'kumandikonza kuti adadi si ni, ndi nik. Ndikatero tsiku lotsatira ndinena "nik etorri naiz", andikonzanso kuti apa ndi ni, chifukwa kubwera simunabwere chinthu. Mutu wanga unkakana kuti ine mwini ndikhale ndi mayina awiri pomwe ponse pawiri ndine mwininkhani.

Nangondo: Zikomo achimwene, mwatipatsa chenicheni m'malo mwa Chichewa changa chamaloto. Tatilembereninso mawu othandizira mneni aja a kumapeto, pa ine ndi iwe. Pamenepo m'pamene Chikondi aone nakugwa wake ali moyo.

Yamikani Bilbao: Awa:

Ni etorri naiz. Ndabwera.
Gizonak ni ikusi nau. Bambo wandiona.
Nik gizona ikusi dut. Ndaona bambo.

Pa naiz ndi nau, n wa kumayambiriro ndine. Ndikabwera ndine n, ndikaonedwa ndine n. Koma ndikakhala woona ndimathawira kumapeto, ndine t wa pa dut. Iwe chimodzimodzi: zu etorri zara, wabwera, nik zu ikusi zaitut, ndakuona, z kumayambiriro ponse pawiri. Ukakhala woona ndiwe zuk ndipo umapita kumapeto, zuk ni ikusi nauzu, wandiona.

Koma palinso msampha wina womwe sunandisiyebe. Gizonak yemweyo amatanthauzanso abambo ambiri opanda k wa kuchita uja. Gizonak etorri dira, abambo abwera. Ndiye ukamva gizonak sudziwa kuti ndi bambo mmodzi wochita kapena abambo ambiri obwera mpaka umve mawu omaliza. Ndipo "gizonak ikusi ditu" ikhoza kukhala bambo wawaona, kapena wina waona abambowo. Apo ndiye umangodalira nkhani yomwe ikukambidwa.

Chikondi_M: Eeh tsopano kwayamba kucha. Ndiye si kuti mwininkhani amasanduka pamtherankhani, koma kuti thumba lomwe ife timalitcha mwininkhani iwo analing'amba pakati, theka lina n'kulisokera ku pamtherankhani?

Nangondo: Ndi momwemo, kungoti iwo anganene kuti ife ndi amene tinang'amba thumba lawo. Dzina lopanda k lija, lomwe limagwira wayekha ndi wochitidwa, m'mabuku amalitcha abusolutivu. La k ndilo egetivu.

aMbewe (mphunzitsi wopuma): Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwachidwi. Ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri ndipo ndikuona kuti mukupatsa dzina latsopano chinthu chakale. Zomwe alemba a Yamikanizi ife timazitcha msintho wochitidwa. Mnyamata wabwera. Mnyamata waonedwa ndi bambo. Onani, mnyamata sanasinthe m'ziganizo ziwirizi, wa- ndi yemweyo, ndipo bambo walandira kachizindikiro kake, ndi. Ameneyo ndiye k wanuyo. Anthu amenewa amangoyankhula mu msintho wochitidwa nthawi zonse. Palibe chachilendo.

Nangondo: Aphunzitsi, muli pagulu la anthu olemekezeka, chifukwa akatswiri angapo a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa 1900 ankanena zomwezo za Chibasiki. Ndipo ngati njira yoyambira kumva nkhaniyi, fanizo lanulo limathandiza. Koma likafika pena limathyoka.

Choyamba, msintho ndi kusintha kuchokera ku chinachake. Waonedwa amachokera ku waona, tawonjezerapo -edw-, ndipo ziganizo zonse ziwiri zilipo m'Chichewa, munthu amasankha. M'Chibasiki "gizonak mutila ikusi du" ndi njira wamba yonenera nkhaniyo. Palibe chiganizo china chosavuta kuposa ichi chomwe chinasinthidwa, ndipo pa mneni palibe chowonjezera chofanana ndi -edw-.

Chachiwiri, mu "waonedwa ndi bambo" bamboyo taamuponya kunja. Mneni sagwirizana nayenso. Musinthe mukhale "ndi abambo khumi" kapena "ndi ine", waonedwa sagwedezeka. Koma taonani zomwe alemba a Yamikani: du, dut, nauzu. Mneni wa Chibasiki amasintha malinga ndi wa k uja. Munthu amene mneni akumumvera chotero sali kunja kwa mpanda, ndi mwini nyumba.

Yamikani Bilbao: Ndiwonjezere kamodzi komwe ndinaphunzira sabata zapitazi. Kunena kuti bambo wadziona yekha amati "gizonak bere burua ikusi du", mawu ake enieni ndi akuti bambo waona mutu wake. Wa k ndi amene amadziona. Sungatembenuze kuti mutuwo utenge k. Mu Chichewa chathu "wadziona" amatsatanso mwininkhani, ndiye apa ine ndimaona ngati wa k uja akuchita zomwe mwininkhani amachita.

aMbewe (mphunzitsi wopuma): Mfundo ya mgwirizano wa mneniyo ndaimva mayi, ndi yolemera. Koma sindinagonje kwathunthu. Chinthu chikamayenda ngati bakha pena chinali bakha kale.

Limbani_Pune: Madala asagonje msanga, ndili ndi chowathandiza. Ine ndinaphunzira ku India zaka 4 ndipo Chihindi ndinatolako cha pamsika ndi cha m'kalasi pang'ono. Kumeneko kuli kamawu koti ne komwe kamabwera pambuyo pa wochita, koma pokhapokha ntchito ikakhala yoti inachitika n'kutha.

Larka kitab parhta hai. Mnyamata amawerenga buku.
Larke ne kitab parhi. Mnyamata anawerenga buku.
Larka aya. Mnyamata anabwera.

Choyamba mulibe ne. Chachitatu mulibenso ngakhale ndi zakale, chifukwa kubwera sikuyambukira. Chachiwiri chokha. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mu chachiwiricho mneni wasiya kumvera mnyamata. Mayina awo ali ndi aamuna ndi aakazi, kitab ndi lachikazi, ndiye parhi akutsata buku. Mu choyamba parhta akutsata mnyamata. Aphunzitsi athu ankati kamangidwe ka zakale kameneka kanachokera ku Chisansikiriti, chiyankhulo chamakedzana cha ku India, komwe kanali ngati "buku linawerengedwa ndi mnyamata". Ndiye bakha wa a Mbewe uja alipo.

Nangondo: Zoona, pa Chihindi ndi abale ake mbiri yake ndi yotero. Kamangidwe komwe kanali ndi tanthauzo la wochitidwa kanazolowereka mpaka kanakhala njira wamba yonenera zomwe zinachitika, ndipo lero Mhindi akamati larke ne samva kuti wagwiritsa msintho uliwonse. Ndiye aphunzitsi mwapeza njira imodzi yomwe egetivu amabadwira. Chomwe ndikukana ndi kunena kuti mwana ndi mayi ake ndi munthu mmodzi.

Chitsanzo cha a Limbani chikuonetsanso chinthu chomwe Chikondi asachiphonye pa mayeso. Funso loti chiyankhulo chakuti ndi cha egetivu kapena ayi limakhala lopereŵera. Funsa kuti ndi cha egetivu pati. Chihindi ndi cha egetivu pa ntchito yomwe inatha, kwina konse ayi. Ziyankhulo zambiri zotchedwa za egetivu zili ndi mng'alu wotere penapake.

Chikondi_M: Ndiye palibe chomwe chili cha egetivu mpaka m'mafupa?

Nangondo: Chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi Chijiribali, cha anthu a kumpoto kwa Queensland ku Australia, chomwe katswiri wina dzina lake Dixon anachifotokoza m'buku la 1972. Masiku ano oyankhula atsala ochepa kwambiri. Ndilemba m'kalembedwe kathu, chifukwa ali ndi liwu lomwe lija la mu ng'ombe, lomwe Azungu amavutika nalo kumayambiriro kwa mawu pomwe ife ndi chakudya. Ng'uma ndi bambo, yabu ndi mayi.

Ng'uma banaganyu. Bambo anabwerera.
Yabu banaganyu. Mayi anabwerera.
Ng'uma yabungu buran. Mayi anaona bambo.
Yabu ng'umangu buran. Bambo anaona mayi.

Mpaka apa ndi Chibasiki chokhachokha, -ngu akugwira ntchito ya k. Kusiyana kumabwera polumikiza ziganizo. Ndikufunse m'Chichewa. "Mayi anaona bambo n'kubwerera." Anabwerera ndani?

Chikondi_M: Mayi.

Tadala wa ku Ndirande: Mayi, mwina anawapeza ali ndi wina kkkk.

Nangondo: Mayi, ndipo palibe anakuuzani, dzinalo silinabwerezedwe. Khutu lanu likudziwa lamulo lomwe simunaliphunzire m'kalasi: malo osiyidwa opanda dzina amadzazidwa ndi mwininkhani wa chiganizo choyamba. Wochita wa koyamba ndi wayekha wa kachiwiri agwirana manja chifukwa kwa ife ndi a thumba limodzi.

Tsono m'Chijiribali lumikizani mawu omwewo:

Ng'uma yabungu buran banaganyu.

Mawu ndi mawu zili ngati mayi anaona bambo n'kubwerera. Koma wobwerera ndi bambo. Khutu la Mjiribali limadzaza malo aja ndi woonedwa, chifukwa kwa iye wayekha amagwirana manja ndi wochitidwa. Ndipo mukatembenuza, "ng'uma banaganyu yabungu buran" ndiye kuti bambo anabwerera, mayi n'kumuona, popanda kusintha mneni kulikonse.

Ife tikafuna kunena zimenezo bambo akhalebe mutu wa nkhani, timathamangira ku msintho wa a Mbewe uja: bambo anabwerera n'kuonedwa ndi mayi. Tamukweza woonedwa kuti akhale mwininkhani, mayi tawakankhira kunja ndi kamawu koti ndi. Iwo vuto lawo lili mbali inayo. Chomwe ife timanena mosavuta, "bambo anabwerera n'kuona mayi", kwa iwo sichilumikizika mwachindunji, chifukwa bambo ndi wayekha koyamba koma wochita kachiwiri. Ndiye ali ndi msintho wawo woyang'ana kwina:

Ng'uma banaganyu buralng'anyu yabugu.

Kachidutswa -ng'a- kalowa mu mneni, bambo wavula -ngu n'kukhala ngati wayekha, mayi ndi amene akankhidwira kunja ndi -gu. Ndi msintho wochitidwa wooneredwa pagalasi. Wathu umatsitsa wochita, wawo umatsitsa wochitidwa. M'manotsi ukaona mawu oti antipasivu ndi chimenechi.

Aphunzitsi, apa ndiye pomwe bakha wanu akuvutikira. Ngati chiganizo wamba cha Chijiribali chikanakhala msintho wochitidwa, ndiye kuti buralng'anyu akanakhala chiganizo choyambirira. Koma iye ndi amene wanyamula kachidutswa kowonjezera, buran ndi wopanda kanthu.

aMbewe (mphunzitsi wopuma): Apa ndavula chipewa. Wonyamula katundu wowonjezera ndiye wosinthidwa, lamulo limenelo ndinkaphunzitsa ndekha. Koma zoti munthu amve "n'kubwerera" aganize za bambo, mutu wanga wakana. Ndaliwerenga katatu.

Nangondo: Wanganso umakana, ndimangodziwa ndi nzeru osati ndi khutu. Ndipo ngakhale Chijiribali chili ndi mng'alu wake. Alowam'malo a ine, iwe, ife, inu amayenda ngati athu. Ng'ana ndi ife, tikabwerera ndi ng'ana, tikaona wina ndi ng'ana, koma tikaonedwa ndi ng'anana. Ambiri amafotokoza kuti chiyankhulo chimaika chizindikiro pa chosayembekezeka. Ine ndi iwe nthawi zambiri timakamba zomwe tachita, ndiye chodabwitsa ndi pamene zatichitikira. Mwala kapena mtengo nthawi zambiri zimachitidwa, ndiye chodabwitsa ndi pamene zachita kanthu. Maganizo amenewa amakwana bwino pa Chijiribali, koma a Yamikani atiuza kale kuti Chibasiki chimaika k pa nik ndi zuk momwe, ndiye si lamulo la dziko lonse.

Yamikani Bilbao: Ndipo Chibasiki chili ndi zake zomwe aphunzitsi amangoti loweza. Madzi awira amati "urak irakin du". Madziwo ali okha m'chiganizo, sanawiritse munthu, koma atenga k. Aneni otere alipo angapo. Ndinafunsa chifukwa chake, anangoseka.

Mphatso K.: Pepani ndalowa mochedwa, sindinawerenge zonse. Koma ife kukalasi ya Chingerezi anatiphunzitsa aneni a egetivu, monga uja wotsegula chitseko, yemwe amagwira ntchito ponena kuti munthu watsegula chitseko komanso kuti chitseko chatseguka, mawu osasintha. Ndiye Chingerezi ndi cha egetivu. Chichewanso: mwana waswa mbale, mbale yasweka. Mbale inali pamtherankhani yasanduka mwininkhani.

Nangondo: Mawu ndi amodzi koma agwiritsidwa ntchito pa zinthu ziwiri, ndipo asokoneza ophunzira ambiri. Zomwe mukunenazo ndi khalidwe la aneni ena, kuti chinthu chomwecho chikhoza kukhala chochitidwa kapena chayekha. Ife tikufunsa kuti chikakhala chayekha chimavala chiyani. Yesani nokha. Mwana waiswa mbale, mbale ili pa -i- m'kati. Mbale yasweka, yalumphira kutsogolo pa mpando womwe mwana anakhalapo. Yasintha malaya. Chikanakhala cha egetivu mbaleyo sikanasuntha, wochoka akanangokhala mwana basi.

Chikondi_M: Ndiye muno mu Africa zilipo? Kapena ndi za kutali zokhazokha?

Nangondo: N'zosowa kuno, ziyankhulo za Chibantu ngati chathu zili mbali ya akyuzetivu. Chomwe chimatchulidwa ndi Chipari cha ku South Sudan. Kwina zimapezeka kwambiri ku Australia, kumapiri a Caucasus, kwa Amaya a ku Mexico ndi Guatemala, ndi kwa Ainuiti a ku Greenland ndi Canada. Ndipo apa a Tadala alandireko kachigamba ka ulemu: ziyankhulo zoika chizindikiro cha egetivu pa mayina nthawi zambiri mneni wake amakhala kumapeto kapena kumayambiriro. Za mneni pakati ngati chathu sizichitachita zimenezi. Ndiye munthu amene amangodziwa Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi sanakumanepo nazo, si kuti ndi wogona.

Tadala wa ku Ndirande: Mwamva? Ndinanena ine kuti ndi dongosolo la mawu.

Nangondo: Simunanene zimenezo achimwene, koma landirani.

aMbewe (mphunzitsi wopuma): Ndisanapite kokagona ndili ndi funso kwa mayi Nangondo, ndipo si lokuyesani. Timati "kumudzi kwabwera alendo", "m'chitsime mwagwa mbuzi". Timatinso "m'chitsime mwapezeka mbuzi", "pabwalo paphedwa njoka". Koma sitinganene kuti "pamsika pagula amayi nsomba". Wobwera ndi wogwa aima pambuyo pa mneni, pamalo a pamtherankhani, mneni osagwirizana nawo. Wophedwa waima pomwepo. Wochita yekha ndiye wakanizidwa. Si zomwe mwakhala mukunena tsiku lonse izi?

Nangondo: Aphunzitsi mwakumba pamene pali mbewa. Kamangidwe kameneka ka Chichewa n'kodziwika kwa akatswiri kunja konse, Bresnan ndi Kanerva analembapo mu 1989. Kafungo kake ndi komweko ndithu. Koma ine sindingakatche egetivu pa zifukwa ziwiri. Njoka ija isanaime pamenepo tayamba tasintha mneni kukhala paphedwa, ndiye yafika ngati wayekha, osati ngati pamtherankhani wa chiganizo cha anthu awiri. Ndipo si wayekha aliyense amaloledwa. Kubwera, kugwa, kukhala, kufa zimalowa bwino. Aneni omwe munthu amachita mwakhama, monga kuseka kapena kulima, amavuta. "M'munda mukulima amayi" kwa ine sichikhala bwino. Ndiye mzere sukudutsa pakati pa wochita ndi ena onse, ukudutsa m'kati mwa wayekha momwemo, pang'ono ngati madzi owira a ku Bilbao aja.

aMbewe (mphunzitsi wopuma): "M'munda mukulima amayi" kwathu ku Ntchisi ndikhoza kunena, munthu atandifunsa kuti m'munda mukulima ndani.

Limbani_Pune: Inenso chikumveka. "Panja pakuseka ana" ndiye chikundikayikitsa.

Mphatso K.: Kwa ine zonse ziwiri zili bwino.

Nangondo: Ndiye khutu langa la ku Zomba latsutsidwa ndi anthu atatu. Mwina funso la ndani lija ndi lomwe likutsegula chitseko, chifukwa likufuna kuti dzina libwere kumapeto. Tayesani kuchinena popanda wokufunsani, mukungoyamba nkhani, mundiuze ngati chikukhalabe.

aMbewe (mphunzitsi wopuma): Ndikayesa pa mayi a kunyumba mawa m'mawa osawachenjeza.

Chikondi_M: Ine izi za m'munda sindilemba pa mayeso, zingandigwetse. Koma ndiyese kamodzi a Yamikani mundikonze. Erori ndi kugwa, jo ndi kumenya, ndazipeza m'manotsi. Mnyamata wagwa: mutila erori da. Mnyamata wamenya bambo: mutilak gizona jo du. Bambo wandimenya: gizonak nik jo nau.

Yamikani Bilbao: Ziwiri zoyamba zili bwino. Chachitatu chotsa k pa nik, womenyedwa ndiwe. Gizonak ni jo nau.